Kankhani ka adalaivala ndi fulashi yawo, werengani mundiuze maganizo anu

Tiyamike: Moni nonse pagulu pano. Ndalemba kankhani kakafupi ka mu minibasi ndiye ndikuponya m'magawo atatu kuti musatope. Chimene ndikufuna kumva kwa inu nchakuti kodi zikumveka kuti nyimbo zingasinthedi anthu amene akwiyitsana kale, kapena ndangokometsa. Amene munagwirako ntchito ya pamsewu mundithandize kwambiri

Tiyamike: GAWO LOYAMBA

Minibasi inadzadza cha m'ma 10 koloko, koma mayi a duku lakuda anali atakhala pa mzere wachiwiri kuyambira 7 koloko. Pokwera anapezamo anthu asanu ndi mmodzi, mtima nkukhala pansi kuti ulendo uli pafupi, osadziwa kuti anayi mwa anthuwo anali anyamata a pa depoti pomwepo ongokhalamo kuti galimoto izioneka ngati yatsala pang'ono. Akakwera munthu wa ulendo, mnyamata mmodzi ankatsika mwakachetechete osabweranso.

Potuluka mu Lilongwe aliyense anali ndi kake kumtima. Bambo a jekete la bulauni, amene anakhala kumbuyo kwenikweni, anali atapereka ma faifi sauzande ndipo chenje chawo cha K2,000 chinali chikadali m'zala za kondakitala.

"Iwe, chenje changa."

"Ndikupatsani madala, ndisinthe kaye."

Pa Nathenje anafunsanso. Yankho lomwelo. Nthawi yonseyi sipika inali ikugunda amapiyano amene Dalitso, kondakitala uja, anaika yekha asananyamuke, ndipo a Mbewe pa chiwongolero sanalankhule kanthu.

Pa Chimbiya Dalitso anatsegula chitseko nkukweza mtsikana wa chikwama cha kusukulu. "Tisunthirane pang'ono kumbuyoko."

"Tisunthire kuti? Tituluke pa windo?" anatero bambo a jekete. "Tili atatu kale kuno. Ndalama yanga ukukaniza, pano ukufuna undikhazike munthu pamwendo. Ndinu akuba inu, nonse ndi dalaivala wakoyo!"

Mtsikana uja anaima chowerama pakati pa mipando, osadziwa kuti akhale kapena atsike. Wina anati bambowo akunena zoona. Wina anati ngati akufuna kukhala motakasuka agule yawo. Agogo ena a ndodo anayamba kuwerenga zaka zimene akhala akukwera galimoto osaona mwana wamwano ngati ameneyu. Dalitso anayankha. Sanayenere kuyankha, koma anayankha.

Kondwani: kkkkk agogo a ndodo amakhalamo mu minibasi iliyonse. Pitilizani sisi

Tiyamike: GAWO LACHIWIRI

A Mbewe anayang'ana pa galasi lapakati, kenako anatambasula dzanja nkuzimitsa wayilesi. Sanachepetse, anazimitsiratu.

Mawu a anthu anatsala okha pamtunda, ndipo aliyense anadzimva mmene akukuwira. Bambo a jekete anamaliza chiganizo chawo motsitsa. Mtsikana uja anakhala ndi theka la thako pa mpando. Anadutsa pa Dedza kukungomveka injini ndi chitseko chimene chinkagogoda pa bampu iliyonse.

Munali m'chete mmenemo momwe foni ya mayi a duku inalira. Anayesa kulankhula motsitsa koma panalibe chobisa mawu awo.

"Tangodutsa pa Dedza... Ayi, musadikire ine... Ngati abusa ayamba asiyeni apitirize... Ndamva. Bokosi atseke basi, ndidzaona pa chithunzi."

Anaika foni m'kachikwama nkuyang'ana panja. Palibe anatsokomola.

A Mbewe anasiya mtunda udutse. Cha pa Bembeke anabaya fulashi, nkudumpha nyimbo zingapo ndi chala chimodzi maso ali pamsewu, mpaka anapeza kwaya ya amayi, ija yoyamba ndi mawu amodzi enawo nkumavomera. Anaiika pansipansi. Agogo a ndodo anayamba kung'ung'udza nawo.

Isanafike pakati, mayi aja anawerama nkugwira mpando wa dalaivala.

"Adalaivala, pepani. Zimenezi ndikazipeza komwe ndikupitako. Mukandiliza muno ndikafika ndilibe mphamvu. Ikani ina."

"Pepani mayi," anatero a Mbewe. Anali mawu awo oyamba chichokere mu Lilongwe.

Mayi a Chisomo: Iiii koma apa mwandidabwitsa. Ine ndimayesa kwaya ija ndi imene ikonze zinthu

Tiyamike: Dikirani amayi, nali lomaliza

GAWO LACHITATU

Anadumphanso zingapo. Imene inabwera inali rege yakale ya ku Balaka, ya nthawi ya makaseti, ija imayamba ndi gitala wa besi yekha ng'oma nkubwera pambuyo. Sinali ya chisoni, sinalinso ya phwando. Inali nyimbo imene aliyense wopitirira zaka makumi atatu anaimvapo pa wayilesi ya bambo ake kapena ya oyandikana nawo.

Vesi yoyamba inadutsa popanda wogwedezeka. Pa kolasi panamveka mawu okhuthala kuchokera kumbuyo. Anali bambo a jekete, akuimba okha osadziwa kuti akumveka, ndipo mzere wachiwiri anauphonya, anaikapo mawu awoawo.

"Satero," anatero agogo a ndodo osatembenuka. Nkuimba mzerewo bwinobwino.

"Amatero, agogo. Kaseti yake ndinali nayo ine."

"Ndiye inali yodyeka tepi."

Woyamba kuseka anali mtsikana wa chikwama, atagwira pakamwa. Kenako mzere wonse. Bambo a jekete nawo anaseka, ndipo posekapo anakweza chikwama chawo chimene chinali pambali nkuchiika pamiyendo, mtsikana uja nkukhala bwino. A Mbewe anabweza nyimboyo poyambira kuti mlandu uweruzidwe, nkukweza pang'ono. Agogo ndi amene anali olondola. Kolasi itabweranso anaimba anthu oposa theka. Mayi a duku sanaimbe, koma chala chawo chinkagunda pa zipi ya kachikwama.

Pa Lizulu panali anthu atatu ndi matumba a kabichi akukweza manja. Dalitso anali atagwira kale chitseko.

"Sitikweza," anatero a Mbewe. "Thamanga ukasinthe ndalama kwa amayi a tomato awo, uwapatse achikulire chenje chawo. Injini sindizimitsa."

Dalitso anawayang'ana, nkuyang'ana matumba aja, nkuthamanga. Bambo a jekete analandira K2,000 yawo, anaiwerenga kawiri nkuika m'thumba la mkati.

Pa mphambano ya ku Tsangano a Mbewe anaimika galimoto pafupi ndi anyamata a kabaza, nkuitana mmodzi ndi hutala. Mayi aja anatsika, anamanganso chitenje, anakwera njinga yamoto. Njingayo itangolowa mu msewu wa kumudzi anthu a mu minibasi anamva kulira kwawo kukuyamba.

Dalitso anatseka chitseko. "Tiike ija ya poyamba?"

"Siya yomweyi," anatero bambo a jekete.

Yathera pamenepa. Ndiuzeni

Kondwani: Nde nyimbo yake ndi iti? Munditumizireko ku inibokosi pamodzi ndi zinazo, ndili ndi ulendo wa ku Mzuzu Loweruka

Tiyamike: Achimwene palibe nyimbo zoti nditumize, iyi ndi nkhani yopeka. Dzina la nyimbo ndalisiya dala

Kondwani: Aaa ine ndimayesa mukugawa nyimbo za paulendo. Komabe ine pamene ndimawerenga inalipo imene imalira m'mutu mwanga, ndikuidziwa bwinobwino

Nabanda: Nchifukwa chake asaitchule Kondwani. Iwe wamva yako, ine ndamva yanga, ndipo ndikhulupirira sizofanana. Akanangolemba dzina, theka la ife tikanayamba kutsutsa kuti imeneyo siyingaimbitse anthu. Tiya mwana wanga, pamenepo usasinthe. Chimene chandigwira ine ndi kuzimitsa kuja. Mutu wa nkhani ukuti nyimbo, koma chimene chatembenuza ulendo choyamba ndi chete, chifukwa popanda chete uja foni ya mayi aja sakanaimva munthu, ndipo bambo a jekete akanapitiriza kuona ngati wovutika mu galimoto monse ndi iwo okha

Mayi a Chisomo: Ine nkhaniyi ndaikonda koma pa kwaya paja sindikugwirizana napo. Munthu wopita ku maliro sangakane nyimbo ya Mulungu, ndi imene imatonthoza. Ndipo ine ndaonapo kangapo anthu akukangana mu basi, dalaivala kungoika kwaya onse ziii, chifukwa munthu sungatukwane pamene dzina la Mulungu likutchulidwa

Bambo a Mphatso: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga yonse. Ine minibasi ndayendetsa zaka zambiri, msewu womwewu wa M1 komanso ya m'tauni, ndinasiya msana utayamba kuvuta. Mayi a Chisomo mukunena zoona mbali imodzi. Kwaya imatseka pakamwa pa anthu, zimenezo nzoona, aliyense amachita manyazi kutukwana. Koma kutseka pakamwa ndi kuchotsa mkwiyo ndi zinthu ziwiri. Munthu amangosunga, nyimbo ikatha kapena mukaima pa siteji amayambiranso pomwe anasiyira, nthawi zina moposa. Ndiye musaiwale kuti mu galimoto simukhala a mpingo umodzi, msewu wa ku Mangochi kapena ku Machinga theka la galimoto akhoza kukhala Asilamu, iwe nkumaika kwaya ola lathunthu ukuganiza kuti ukukonza zinthu. Za munthu woferedwa ndiye mwana uyu walemba zenizeni. Amayi ambiri amadzigwira njira yonse, amadzayamba kulira akayandikira pa siwa. Ukamuikira nyimbo ya maliro pa Dedza wamuthyola miyendo ulendo usanathe, ndipo alira pakati pa alendo popanda womugwira

Mayi a Chisomo: Mwina zimatengera munthu. Ine mayi anga atamwalira ndinkafuna nyimbo zomwezo njira yonse

Bambo a Mphatso: Eya zimatengera munthu, nchifukwa chake dalaivala amayamba motsitsa nkumayang'ana pa galasi. A Mbewe sanalakwe kuyesa. Akanalakwa akanakakamira

Yamikani: Ine ndinene zosakoma. Nkhaniyi yalembedwa bwino koma ikumuyeretsa dalaivala pamene iyeyo ndi gwero la mavuto onse. Ndani analola anyamata onamizira ulendo kukhala mu galimoto? Ndani anaima pa Chimbiya kuti akweze wachinayi pa mzere wa anthu atatu? Kondakitala satsegula chitseko galimoto ikuyenda, amene amaponda buleki ndi dalaivala. Mayi aja aphonya kuona nkhope ya m'bale wawo chifukwa cha maola atatu a pa depoti, ndiye tiziombera m'manja kuti munthu waika rege? Kwa ine nyimbo ija ndi njira yowaiwalitsa anthu kuti aberedwa. Bambo a jekete ndi okhawo amene amanena zoona mu galimoto monse ndipo nkhani yawasandutsa choseketsa

Tiyamike: Achimwene a Yamikani mfundo yanu ndaimva ndipo ndi yolemera. Ine sindinafune kuti a Mbewe aoneke ngati mngelo, nchifukwa chake ndawasiya chete pamene Dalitso akukaniza chenje, anamva zonse osalowererapo. Koma bambo a jekete sindinawaseke ayi, chenje chawo alandira ndipo palibe pamene apepesa chifukwa sanalakwe

Yamikani: Alandira chenje koma wachinayi uja akadali pa mpando mpaka ku Blantyre

Bambo a Mphatso: A Yamikani ndikuyankheni ngati munthu amene ndinakhalapo pa mpando umenewo, osati kuikira kumbuyo zolakwika. Galimoto si ya dalaivala. Mwini wake amakuuza ndalama imene akufuna madzulo, timati tageti, ndipo imeneyo sasintha kaya kwagwa mvula kaya anthu kulibe. Mafuta umathira kuchokera mu ndalama yomwe mwatolera, oitanira pa depoti amafuna yawo galimoto ikadzadza, pa tolo geti umalipira, pamsewuwu alipo awiri, wina ku Dedza wina pa Chingeni. Zimene zatsala pamenepo ndi zimene mumagawana ndi kondakitala. Ndiye wachinayi uja nthawi zambiri ndiye ndiwo za kunyumba kwa dalaivala. Sindikuti nzabwino, lamulo limati atatu pa mzere ndipo galimoto yodzadza mopyola imavuta kuimika pa mtsetse, ndikudziwa. Koma ndikufuna muone chimene chachitika pa Lizulu. Anthu atatu ndi matumba a kabichi, katundu amalipira payekha, imeneyo ndi ndalama yooneka ndipo a Mbewe aisiya pamsewu kuti mayi aja apeze mphindi khumi ndi zisanu zimene zikanathera pokweza matumba ndi kumanga chitseko cha kumbuyo ndi chingwe. Kwa ine kupepesa kwa dalaivala kuli pamenepo, osati pa nyimbo. Nyimbo yangopangitsa kuti pamene akunena kuti sitikweza, anthu akhale atafewa kale moti atha kuona chimene wachita

Nabanda: Apa ndiye pamene ine sindinapamvetse powerenga. Ndinangoona ngati akuthamangira nthawi basi, sindinadziwe kuti ndi ndalama ya m'thumba mwake. Tiya, owerenga ambiri ali ngati ine, sadziwa za tageti. Ungaikepo kamzere kamodzi, osati kufotokoza ngati kalasi, mwina Dalitso anene motsitsa kuti "bwana tageti sinakwane" a Mbewe osayankha

Tiyamike: Aphunzitsi imeneyo ndaitenga. Ndinkaganiza kuti kuyang'ana matumba kuja kukukwanira koma mawu a Dalitso awonjezera kulemera

Yamikani: Zikatero ndiye bola. Komabe ine ndikanakonda wina mu galimotomo anene poyera kuti mayi awa achedwa chifukwa cha inu. Munthu mmodzi yekha

Nabanda: Akanena ndiye kuti mkangano wayambiranso ndipo mayi aja asanduka umboni pa mlandu wa anthu ena pamene iwo akungofuna kufika. Ine ndikuona kuti aliyense mu galimoto akudziwa kale, nchifukwa chake palibe anatsokomola

Yamikani: Aphunzitsi, kudziwa osanena ndi kumene kumatipweteka ife. Tizingoimba basi?

Nasibeko: Ine nkhaniyi yandikumbutsa zanga ngakhale zanga zinatha moipa. Ndinkachokera ku chipatala ndi mwana atatentha thupi, ndinakhala mzere wakumbuyo, nyimbo ikugunda mpaka mpando kumanjenjemera, mwana akulira. Ndinapempha kawiri kuti achepetse, dalaivala akuti mayi nyimboyi ili pansi kale. Ndinatsika ndisanafike nkudikira ina padzuwa. Ndiye ine ndikamawerenga za dalaivala woyang'ana pa galasi ndikuti alipodi otere? Amene ndimakumana nawo ine nyimbo amaikira iwo eni kuti asagone

Bambo a Mphatso: Pepani kwambiri mayi, zimenezo siziyenera kuchitika, munthu akapempha chifukwa cha mwana umachepetsa osafunsa. Koma ndikuuzeni chimene chimachitika, mwina dalaivala uja sankanama mwadala. Minibasi zambiri sipika yaikulu ija ya bokosi amaiika pansi pa mpando wakumbuyo chifukwa ndi kumene kuli malo. Dalaivala wakhalira injini, ma Hiace aja injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, windo lake ndi lotsegula mphepo ikuwomba, ndiye iye akumva theka la zimene inu mukumva. Akaika poti iye azimva bwino, wakumbuyo besi ikumugunda mu nthiti. Dalaivala wodziwa ntchito amaika poti iye azingoimva patalipatali, ndipo chizindikiro chake nchosavuta, kondakitala akamafunsa wakumbuyo kuti mukutsikira pati mpaka kubwereza kawiri, kapena munthu akatseka khutu linalo poyankha foni, yakwera kwambiri. Ndiye Tiya, pa gawo loyamba paja bambo a jekete akhala kumbuyo kwenikweni eti? Ndiye kuti amapiyano aja akhala akuwagunda pansi pa mpando kuchokera mu Lilongwe. Munthu ameneyo mkwiyo wake theka ndi chenje, theka ndi sipika, iye mwini osadziwa

Tiyamike: Eeee bambo izi ndiye golide. Ndilemba kuti mpando wawo unkanjenjemera, kuti pamene a Mbewe akuzimitsa bambowo amve thupi lawo likupuma

Nasibeko: Zoona mpando umanjenjemeradi, mpaka mano

Kondwani: Nanga bwanji osangoika wayilesi anthu azimvera nkhani kapena mpira? Ineyo ndikadakhala dalaivala ndikadangotero, palibe angadandaule kuti wasankha nyimbo zoipa

Bambo a Mphatso: Aise imeneyo ndiye ngozi. Ika mpira tsiku limene Bullets ikusewera ndi Wanderers uone galimoto ikugawikana pakati. Mapulogalamu oimba foni a ndale ndiye osayerekeza anthu atakwiya kale, wina angoti boma ili, wina nkuyankha, mpaka pa Ntcheu anthu osalankhulana. Nkhani za pa wayilesi zimapatsa anthu chokanganirana chatsopano. Nyimbo yakale ubwino wake ilibe mbali, ndipo aliyense ali ndi pomwe anaimvera. Ine fulashi yanga ndinkaigawa m'mafoda. M'mawa kwambiri anthu akadali ndi tulo ndinkaika zofatsa, kwaya kapena za gitala. Dzuwa likakwera anthu atopa ndi kutentha ndiye rege, chifukwa siithamanga koma siigonetsa. Zothamanga ndinkasungira madzulo m'tauni pa maulendo afupiafupi. Pa msewu wautali ndinkaziopa chifukwa phazi limatsatira ng'oma, umangozindikira wapitirira liwiro osadziwa kuti wayamba liti, ndipo kuchokera ku Dedza kutsikira ku Ntcheu kuli makhota ndi mitsetse yofuna munthu wodekha

Nabanda: Ndiye mukuti dongosolo la a Mbewe ndi loona? Kuzimitsa, kudikira, kenako kuyesa

Bambo a Mphatso: Ndi loona, ndipo kudikirako ndi kumene achinyamata amalephera. Anthu akangokangana iwe nkusintha nyimbo nthawi yomweyo, amadziwa kuti ukuwatseka pakamwa ndipo amakwiya kawiri, utha kumva wina akuti zimitsa tikulankhula. Umasiya kaye mawu awo awabwerere. Ine ndinkadikira mpaka ndione mapewa atsika pa galasi, wina wayamba kuyang'ana panja, wina watulutsa foni. Chimodzi chokha chimene ndingakonze, a Mbewe akudumpha nyimbo ndi chala akuyendetsa, kawiri konse. Zimachitika koma mawayilesi ambiri a fulashi alibe poonetsa dzina la nyimbo, amangoonetsa nambala, ndiye munthu amene amaidziwa fulashi yake amadziwa kuti kwaya zili cha koyambirira, rege ili foda yachitatu. Mukalemba kuti anabaya katatu osayang'ana zioneka kuti munthuyu fulashi yake amaidziwa ngati khomo la nyumba yake, osati akungoyesa mwayi

Yamikani: Apa ndiye mukundivomereza bambo. Ngati amadziwa chonchi kusewera ndi mitima ya anthu ndiye kuti ndi luso la bizinesi, si chifundo

Bambo a Mphatso: Ndi zonse ziwiri achimwene. Galimoto ya anthu okwiya ndi yovuta kuyendetsa, ukumvera zakumbuyo m'malo moyang'ana kutsogolo, ndiye inde umadzithandiza wekha. Koma amene amangofuna bizinesi pa Lizulu akanakweza kabichi

Mayi a Chisomo: Ine chimene ndinkadikira nchakuti bambo a jekete atenge K2,000 ija awapatse mayi aja ya kabaza ngati chipepeso. Mwatimana bwanji pamenepo Tiya? Mtima unali utakonzeka kale

Tiyamike: Amayi ndinaganizapo nthawi yaitali. Ndinaona kuti akapereka ndiye kuti nkhani ikunena kuti analakwa kufuna chenje chawo, pamene ndalamayo ndi yawo ndipo mwina ndi yokwerera basi ina akafika. Chimene munthu uja angathe kupereka ndi malo pa mpando, ndipo wapereka pamene ananyamula chikwama

Nabanda: Ndikugwirizana nawe. Ndipo kuwerenga kawiri kuja usachotse, munthu sasintha khalidwe chifukwa cha nyimbo imodzi, wangofewa. Koma pali pena pamene ndikukayika. Mzere uja wakuti "Sanayenere kuyankha, koma anayankha", ndiwe wolemba ukulowerera kutiuza chochita. Tiuze zimene Dalitso ananena, timve tokha kuti wapyola malire

Nasibeko: Akondakitala amati "ngati mwatopa tsikani madala, galimoto si yanu". Ndinaimva ndi makutu anga imeneyo

Bambo a Mphatso: Kapena "amene akufuna kukhala yekha akwere ndege". Koma ya a Nasibeko ndi yopweteka kwambiri chifukwa bambowo chenje sanalandire, ndiye akatsika ndalama yawo yapita. Za chenje nazonso, m'mawa ulendo woyamba kondakitala amakhaladi alibe ndalama zing'onozing'ono, makamaka chibwerere ma faifi sauzande mu 2022 aliyense amapereka yaikulu. Koma alipo ena amachedwetsa dala kuti munthu aiwale potsika. Wokwera sangasiyanitse, nchifukwa chake amafunsa pa siteji iliyonse

Tiyamike: Ndiye Dalitso ndimusiye osadziwika ngati analidi alibe kapena amafuna adye?

Bambo a Mphatso: Mwalemba kale kuti chenje chinali m'zala zake, mmene amapindira ndalama pakati pa zala muja. Ngati pakati pa zalazo pakuoneka ya K2,000 ndiye kuti bambo aja akuiona ali kumbuyo, ndipo a Mbewe pomutuma kukasintha pa Lizulu akumuphimba mnyamata wawo kuti asachite manyazi. Ngati palibe ndiye kuti mwanayo amanena zoona. Sankhani chimodzi, zonse zimachitika

Yamikani: Ionekere. Tisamangowayeretsa

Mayi a Chisomo: Ayi asaionetse, mwanayo watukwanidwa kale mokwanira ndi agogo

Kondwani: Ine funso langa ndi lakuti mayi aja anakafika maliro asanaikidwe? Chifukwa kuchokera pa Dedza kukafika pa mphambano ya Tsangano si pafupi, ndiye abusa atalalikira nthawi yonseyo?

Nasibeko: Pali mauthenga a mafumu, a banja, kuwerenga zipepeso, kenako ulendo wa kumanda wapansi. Akhoza kuwapeza kumanda

Tiyamike: Sindinafune kuyankha limenelo chifukwa anthu a mu minibasi nawo sadzadziwa, galimoto yapitirira. Ndikonza zinayi, mawu a Dalitso pa mkangano, mpando wonjenjemera, kubaya katatu, ndi tageti pa Lizulu. Za K2,000 yooneka m'zala ndigona nazo kaye. Bambo a Mphatso ndikamaliza ndikutumizirani muone ngati za pamsewu zili bwino ndisanaponyenso pano

Bambo a Mphatso: Tumizani mwana wanga. Muonenso nthawi, ngati anyamuka 10 koloko ndi kuima pa Nathenje ndi pa Chimbiya, pa Dedza akudutsa cha m'ma 12, ndiye foni ija ikugwirizana bwino ndi nthawi imene mwambo umayamba